Zolakwika za Chingerezi cha m'maimelo zomwe zimasokoneza malonda pachipata cha Mchinji

Amalonda ambiri omwe amaolotsa soya, mtedza ndi katundu wina pachipata cha Mchinji ndi Mwami amagwirizana mitengo m'Chichewa kapena m'Chinyanja, pakamwa kapena pafoni. Koma ikafika nthawi yotumiza ma invoisi, zilolezo ndi maumboni akubanki, mgwirizano womwewo umalembedwa m'Chingerezi, chomwe ndi chiyankhulo cha ntchito za boma ku Malawi ndi ku Zambia komwe. Pakabuka mkangano, imelo ija ndiyo imasanduka mboni, ndipo palibe amene amafunsa zomwe wolemba ankaganiza mumtima mwake. Onse amayang'ana zomwe adalemba.

Kuyambira mu Disembala 2022, pomwe atsogoleri a maiko awiriwa pa nthawiyo, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, adatsegulira chipata chomwe apaulendo amaima kamodzi kokha, maofesala a mbali zonse ziwiri amagwirira ntchito malo amodzi. Komabe galimoto siingaoloke ngati mapepala ake ndi operewera, ndipo nthawi zina chomwe chimachedwetsa mapepalawo ndi uthenga womwe wogula ku Chipata kapena ku Lusaka adaumva mosiyana ndi zomwe wogulitsa wa ku Kamwendo ankatanthauza.

Zolakwika zambiri za m'maimelo zimangochititsa manyazi koma uthenga umamveka ndithu. Zilipo zina zochepa zomwe zimasintha tanthauzo, ndipo zimapezeka kwambiri m'magawo atatu: timawu ta *a*, *an* ndi *the*, nthawi za aneni, ndiponso aperekezi. Gwero lake ndi limodzi. Wolemba amaganiza m'Chichewa, ndipo pamalo atatu amenewa Chichewa ndi Chingerezi zidaumbidwa mosiyana. Nchifukwa chake zolakwikazi zimapezeka ngakhale mwa anthu omwe adakhoza bwino Chingerezi pamayeso a MSCE.

Timawu tomwe Chichewa chilibe

M'Chichewa munthu akati “galimoto yafika,” chiganizocho ndi chathunthu. M'Chingerezi dzina la chinthu chimodzi chowerengeka, monga galimoto, thumba kapena dalaivala, silingaime lokha. Liyenera kutsogoleredwa ndi kamawu kena, monga *a*, *the*, *my* kapena *this*. Choncho *Truck has arrived* ndi cholakwika, ndipo wolemba ayenera kusankha pakati pa *A truck has arrived* ndi *The truck has arrived*.

Kusankhako sikovuta monga momwe ambiri amaganizira, chifukwa Chichewa nacho chimasiyanitsa zinthu ziwirizi, kungoti chimagwiritsa ntchito njira ina. Munthu akamanena za galimoto yomwe iye ndi mnzake akuidziwa kale, amati “galimoto ija” kapena “galimotoyo.” Akamanena za galimoto yomwe mnzakeyo sanaimvepo, amati “galimoto ina yake.” Muyeso wake ndi womwewo. Ngati m'Chichewa dzinalo likulola “ija,” “uja,” “lija” kapena “-yo,” Chingerezi chikufuna *the*. Ngati likulola “ina yake,” “imodzi” kapena “iliyonse,” Chingerezi chikufuna *a* kapena *an*.

Kusiyanaku kuli ndi zotsatira zake pa ntchito. Wamalonda akalembera kampani yobwereketsa magalimoto kuti *Please send a driver*, wapempha dalaivala aliyense amene alipo. Akalemba kuti *Please send the driver*, wapempha dalaivala uja amene adagwirizana, mwina amene dzina lake ndi nambala ya pasipoti yake zidalembedwa kale pamapepala aulendo. Chimodzimodzi, *I need an invoice* ndi pempho loti amulembere invoisi, pomwe *I need the invoice* ndi pempho la invoisi ija yomwe ikudziwika. Wolandira uthenga woyamba akhoza kutulutsa invoisi yatsopano ya nambala ina, ndipo katundu mmodzi akakhala ndi ma invoisi awiri, mafunso pachipata amachuluka.

Kawirikawiri chinthu chikamatchulidwa koyamba chimatenga *a*, kenako chimatenga *the* chifukwa wowerenga wachidziwa tsopano: *We have hired a truck. The truck will leave Kamwendo on Monday.* Chinthu chomwe chilipo chimodzi chokha pankhani yomwe ikukambidwa chimatenga *the* ngakhale chikutchulidwa koyamba. Anthu awiri omwe akuchita malonda pakati pa Mchinji ndi Chipata amalemba *the border* chifukwa palibe angafunse kuti chipata chiti.

Kusankha pakati pa *a* ndi *an* kumatsata katchulidwe ka mawu, osati chilembo choyamba. Mawu oyamba ndi liwu la lembo laliwu amatenga *an*. Pachifukwa ichi amalemba *an hour*, popeza *h* samveka, koma *a unit*, popeza mawuwo amayamba ngati “yu.” Maina a mabungwe awiri otolera misonkho pachipatachi ndi chitsanzo chabwino. Ofesala wa MRA ndi *an MRA officer* chifukwa chilembo choyamba chimatchulidwa “emu,” pomwe mnzake wa ZRA ndi *a ZRA officer* chifukwa chilembo choyamba chimatchulidwa “zedi.”

Pali gulu lina la maina omwe Chingerezi chimawatenga kuti ndi osawerengeka. Amenewa salola *a* ndipo salola *s* wosonyeza kuchuluka. Omwe amapezeka kwambiri m'makalata antchito ndi *information*, *advice*, *equipment*, *luggage*, *furniture*, *feedback* ndi *evidence*. M'Chichewa mawu ofanana nawo, monga “malangizo” ndi “zipangizo,” amamveka ochuluka, ndipo nchomwe chimakokera wolemba ku *advices* ndi *equipments*. Wofuna kuwerenga awonjezere mawu ena: *two pieces of equipment*. Mawu oti *goods* amachita mosemphana. Amakhala ochuluka nthawi zonse, choncho “katundu wafika” ndi *The goods have arrived*, osati *has arrived*.

Kamawu ka *a* kamathanso kutembenuza uthenga wonse. *We have a few bags left* akutanthauza kuti matumba alipo ndithu angapo, wogula atha kubwera. *We have few bags left* akutanthauza kuti atsala ochepa kwambiri, wogula asadalire.

Nthawi za aneni: zachitika, zikuchitika kapena zidzachitika?

Chichewa chili ndi nthawi za aneni zokwanira. “Ndatumiza,” “ndidatumiza,” “ndikutumiza,” “ndimatumiza,” “nditumiza” ndi “ndidzatumiza” ndi mauthenga asanu ndi umodzi osiyana. Vuto ndi loti malire a nthawizi sagwera pamalo amodzi ndi malire a nthawi za Chingerezi.

Malire oyamba ali pakati pa *have sent* ndi *sent*. Ambiri adazolowera kuti “nda-” ndi *I have*, ndipo nthawi zambiri zimagwirizanadi: “ndatumiza ndalama” ndi *I have sent the money*. Koma Chichewa chimalola kuti munthu anene “galimoto yafika 8 koloko,” kuphatikiza “ya-” ndi ola lenileni. Chingerezi sichilola zimenezo. Chiganizo chikangotchula nthawi yomwe idatha, monga *yesterday*, *last week*, *on Monday*, *at 8 o'clock* kapena *two days ago*, mneni ayenera kukhala m'nthawi yakale popanda *have* kapena *has*. Choncho *The truck has arrived* ndi cholondola, *The truck arrived at 8 o'clock* ndi cholondolanso, koma *The truck has arrived at 8 o'clock* ndi cholakwika. Wolemba adzifunse ngati chiganizo chake chikuyankha funso loti “liti?” Ngati chikuyankha, *have* achoke.

Malire achiwiri akukhudza zinthu zomwe zidayamba kale ndipo zikupitirirabe. M'Chichewa amati “galimoto ili pachipata kuyambira Lolemba,” mneni ali m'nthawi yatsopano. Womasulira mawu ndi mawu amalemba *The truck is at the border since Monday*. Chingerezi chimafuna *The truck has been at the border since Monday*. Apa mawu awiri ayenera kusiyanitsidwa. *Since* amatsatidwa ndi poyambira, monga tsiku kapena ola, pomwe *for* amatsatidwa ndi kutalika kwa nthawi: *since Monday*, koma *for three days*. Pomwe Chichewa chikunena “kuyambira,” pamakhala *since*. Pomwe chikunena “kwa masiku atatu,” pamakhala *for*. Wolemba akalemba *The truck was at the border for three days*, wowerenga amamva kuti galimotoyo idachokapo tsopano. Kalaliki yemwe walandira uthenga wotere akhoza kutseka nkhaniyo pomwe dalaivala akadagona m'galimoto pa Mwami.

Cholakwika choopsa kuposa zonsezi ndi cha chilembo chimodzi. Maphatikizo a Chichewa amathera ku lembo laliwu, choncho khutu la woyankhula Chichewa silimagwira msanga kusiyana kwa *send* ndi *sent*, kapena kwa *deliver* ndi *delivered*. Poyankhula palibe amadandaula, koma polemba chilembocho ndicho chimasenza nthawi yonse. *I sent the permit* akutanthauza kuti chilolezo chidapita. *I will send the permit* akutanthauza kuti sichinapite. *I send the permit* sakunena chilichonse mwa ziwirizi. Wolandira amakakamizika kuganizira yekha, ndipo akhoza kudikira pepala lomwe lili kale m'bokosi lake la imelo, kapena kufunafuna lomwe silinatumizidwe nkomwe. Pambuyo pa *have*, *has*, *was* ndi *been* pamabwera *sent*, *paid*, *received*, *delivered*. Pambuyo pa *did*, *will*, *can* ndi *to* pamabwera mneni wosasinthidwa: *send*, *pay*, *receive*, *deliver*. Choncho *I did not received* ndi cholakwika, chifukwa *did* wasonyeza kale kuti nkhaniyo ndi yakale. Cholondola ndi *I did not receive*, kapena *I have not received* ngati munthu akudikirabe.

Pali zizolowezi zina ziwiri zomwe sizisokoneza uthenga koma zimaonekera msanga. Choyamba ndi *I am having* pofuna kunena kuti “ndili ndi.” Aneni osonyeza kukhala ndi chinthu kapena kudziwa, monga *have*, *know*, *owe* ndi *understand*, satenga *-ing* pa tanthauzo limeneli. “Ndili ndi matumba 300” ndi *I have 300 bags*. Chachiwiri ndi *will* pambuyo pa *when* kapena *if*. “Mukadzafika” ndi mneni wam'tsogolo m'Chichewa, koma Chingerezi chimati *when you arrive*, ndipo *will* amapita ku mbali ina ya chiganizo: *I will call you when the truck arrives*.

Aperekezi: atatu a Chichewa, ambiri a Chingerezi

Posonyeza malo, Chichewa chimadalira “pa,” “ku” ndi “mu.” Kusukulu ambiri adaloweza kuti “pa” ndi *on*, “ku” ndi *to* ndipo “mu” ndi *in*. Kuloweza kumeneku ndiko kumabala *I am on the border* ndi *The truck arrived to Chipata*. Zoona zake nzoti “ku” mmodzi yemweyo amasinthasintha malinga ndi mneni. “Ndikupita ku Chipata” ndi *to Chipata*, “ndili ku Chipata” ndi *in Chipata*, “ndikuchokera ku Chipata” ndi *from Chipata*, ndipo “ndili kubanki” ndi *at the bank*.

Njira yosavuta ndi kuganizira kukula kwa malo. *At* ndi wa malo amodzi oimapo, monga *at the border* kapena *at the warehouse*. *On* ndi wa msewu kapena pamwamba pa chinthu, monga *on the M12* kapena *on the truck*. *In* ndi wa tauni, boma kapena dziko, monga *in Mchinji* kapena *in Zambia*. Mneni *arrive* amatenga *at* kapena *in* motsata kukula komweku, ndipo satenga *to*. Pa nthawi ndondomeko yake ndi yomweyo, kuchokera pa chaching'ono kupita pa chachikulu: *at 10 o'clock*, *on Friday*, *on 16 May*, *in May*, *in 2025*.

Zolakwika zotere zimakhululukika. Zomwe zimadyetsa ndalama ndi za *by* ndi *until*. Onse awiri amaloza tsiku lomaliza, koma ntchito yawo ndi yosiyana. *By* ndi “pofika,” ndipo amayenda ndi chinthu chochitika kamodzi tsikulo lisanadutse. *Until* ndi “mpaka,” ndipo amayenda ndi chinthu chopitirira chomwe chidzaleke pa tsikulo. *Please pay by Friday* akutanthauza kuti pofika Lachisanu ndalama ikhale italowa. *We will keep the goods until Friday* akutanthauza kuti katundu asungidwa mpaka Lachisanu, kenako kusungako kutha. Kulemba *Please pay until Friday* kuli ngati kuuza munthu kuti azilipira tsiku ndi tsiku mpaka Lachisanu. Zofanana nazo ndi *in three days* ndi *within three days*. Woyambayo akuloza tsiku lachitatu kuchokera lero, pomwe wachiwiriyo akulola tsiku lililonse masiku atatuwo asanathe.

Chichewa chimagwiranso ntchito ya aperekezi m'kati mwa mneni weniweniyo, powonjezera “-ir-” kapena “-er-.” “Kulipira dalaivala” ndi kumpatsa ndalama m'manja, pomwe “kulipirira dalaivala” ndi kupereka ndalama kwina m'malo mwake. Chingerezi chimasiyanitsa ziwirizi ndi *for*: *pay the driver* ndi koyamba kuja, *pay for the driver* ndi kwachiwiri. Munthu wolandira ndalama amatsatira *pay* mwachindunji, ndipo chinthu chomwe chikulipiriridwa chimatsatira *for*: *Pay the agent for the permit*. Nthawi zina Chichewa chimaphatikiza zomwe Chingerezi chimalekanitsa. “Munditumizire kalatayi” akhoza kutanthauza kuti kalatayo ibwere kwa woyankhula, *send it to me*, kapena kuti ipite kwina m'malo mwake, *send it for me*. Pamaso ndi pamaso sizisokoneza, koma mu imelo wolemba ayenera kusankha.

Aneni ena amalakwika chifukwa wolemba watengera kaumbidwe ka Chichewa. “Kukambirana za mtengo” kumabala *discuss about the price*, pomwe *discuss* safuna mperekezi: *discuss the price*. “Kudikira yankho” kulibe mperekezi m'Chichewa, choncho ambiri amalemba *waiting your reply*, pomwe Chingerezi chimafuna *waiting for your reply*. Momwemonso amati *reply to my email* ndi *listen to the officer*. Mawu oti *request* akakhala mneni satenga *for*, *We request a copy*, koma akakhala dzina amatenga, *our request for a copy*. Aneni amenewa alibe lamulo limodzi lowamanga onse. Amalowezedwa mmodzimmodzi pamodzi ndi mperekezi wake, ngati kuti ndi mawu amodzi.

Misampha ina itatu

Mlowam'malo wa Chichewa, “iye,” sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndipo nchifukwa chake *he* ndi *she* amasinthana m'kalata imodzi. Wowerenga akaona *he* m'chiganizo choyamba ndi *she* m'chachiwiri, amaganiza kuti anthu ndi awiri. Pomwe pali chikaiko, ndi bwino kubwereza udindo wa munthuyo: *the agent*, *the officer*.

Mneni “kubwereka” amagwira mbali zonse ziwiri. Munthu amati “ndabwereka ndalama kwa mnzanga” komanso “ndibwerekeni ndalama.” M'Chingerezi wolandira amachita *borrow from* ndipo wopereka amachita *lend to*. Wolemba *I borrowed him K500,000* amafuna kunena kuti adakongoza mnzake, koma mneni amene wasankha ndi wa munthu amene watenga ngongole. Umboni wotere ukafika kwa anthu oweruza mlandu, suthandiza mwini ndalama. Cholondola ndi *I lent him K500,000*.

Msampha wachitatu ndi yankho la funso lokana. Wina akafunsa kuti “simunalandire ndalama?” woyankhula Chichewa amati “eya,” kuvomereza kuti sanalandiredi. M'Chingerezi, *Haven't you received the money?* akayankhidwa *Yes* ndiye kuti ndalama yalandiridwa. Njira yopewera chisokonezochi ndi kusayankha ndi liwu limodzi. Yankho likhale chiganizo chonse: *No, I have not received it* kapena *Yes, I have received it*.

Chitsanzo cha imelo imodzi

Chitsanzo chongoyerekeza chikhoza kusonyeza momwe zolakwikazi zimaunjikirana. Wamalonda wa ku Kamwendo wagulitsa matumba 600 a soya, a makilogalamu 50 lililonse, omwe ndi matani 30, kwa mayi wina yemwe amagula mbewu ku Chipata. Adagwirizana kuti galimoto ikafika, mayiyo apatse dalaivala ndalama yake yapaulendo m'manja, ndipo ndalama yotsala ya soya ilowe kubanki pofika Lachisanu. Lachitatu masana wamalondayo akulemba motere:

> *Dear Madam,*
> *I have send truck yesterday with 600 bags of soya. It is at Mwami since 8 o'clock. Driver is having invoice and permit. Please pay for driver and send balance until Friday. Our agent will call you when he will finish. She is waiting the informations from you.*

Chiganizo choyamba chili ndi zolakwika zitatu. *Have send* ndi mneni wosatheka, *yesterday* akuchotsa *have*, ndipo *truck* waima yekha. Popeza mayiyo akudziwa kale za galimotoyo, cholondola ndi *I sent the truck yesterday*. Chachiwiri chikunena za kudikira komwe kukupitirirabe, choncho chikufuna *has been*, ndipo ndi bwino kutchula ngati 8 koloko yake ndi ya m'mawa walero kapena ya usiku wadzulo. Chachitatu chikufuna *has* m'malo mwa *is having*, komanso *the* pa maina onse atatu. Kufikira apa mayiyo akhoza kumva uthenga ngakhale galamala ndi yopunduka.

Mavuto enieni akuyambira pa chiganizo chachinayi. *Pay for driver* akumuuza mayiyo kuti alipirire dalaivala, ndipo iye akhoza kungowonjezera ndalamayo pa yomwe atumize kubanki ya wogulitsa. Dalaivala atsitsa katundu ku Chipata n'kukhala wopanda ya chakudya ndi malo ogona. *Until Friday* sakuika malire omveka, ndipo Lachisanu likadutsa ndalama isanalowe, wogulitsa alibe chiganizo chomwe angaloze kuti tsiku lomaliza lidanenedwa. Kenako *he* ndi *she* akupanga anthu awiri mwa ejenti mmodzi, ndipo *the informations* sakunena chomwe chikufunika. Ngati chomwe ejenti akudikira ndi nambala ya msonkho ya wogula, yomwe ku Malawi ndi ku Zambia komwe imadziwika kuti TPIN, galimoto iima pachipata mpaka wina aimbe foni kufunsa.

Imelo yomweyo itakonzedwa ikhoza kukhala motere:

> *Dear Madam,*
> *I sent the truck yesterday with 600 bags of soya. It has been at Mwami since 8 o'clock this morning. The driver has the invoice and the permit. Please pay the driver his allowance in cash, and send the balance by Friday 16 May. Our agent will call you when she finishes. She is waiting for your TPIN.*

Kutalika kwake sikunasinthe kwenikweni, ndipo palibe mawu apamwamba omwe awonjezeredwa. Chomwe chasintha nchoti wowerenga akudziwa tsopano zomwe zachitika, zomwe zatsala, amene alandire ndalama ndi tsiku lomaliza.

Kawerengedwe ka imelo isanatumizidwe

Makina oona zolakwika omwe ali m'foni ndi m'kompyuta amagwira bwino mawu olembedwa molakwika, monga *recieve*, ndipo ena amagwiranso *have send* ndi *did not received*. Malire awo ndi oti sadziwa zomwe anthu awiri adagwirizana. *Pay the driver* ndi *pay for the driver* ndi ziganizo zolondola zonse ziwiri, chimodzimodzi *a driver* ndi *the driver*, kapena *was at the border* ndi *has been at the border*. Makina sangalembe mzere wofiira pansi pa chiganizo cholondola chomwe chikunena zomwe wolemba sanafune kunena. Makina ambiri amabweranso atatcheredwa ku Chingerezi cha ku America ndipo amatsutsa kalembedwe ka ku Britain komwe Malawi ndi Zambia amatsata, monga *colour* ndi *organise*. Amenewa si zolakwika.

Njira yodalirika ndi kuwerenga imelo katatu, ulendo uliwonse kuyang'ana chinthu chimodzi. Ulendo woyamba ndi wa aneni: pa mneni aliyense wolemba adzifunse ngati chinthucho chidachitika, chikupitirira kapena sichinachitike, ndipo aone chilembo chomaliza. Ulendo wachiwiri ndi wa maina: dzina lililonse la chinthu chimodzi chowerengeka likhale ndi kamawu kolitsogolera, ndipo muyeso wa “ija” kapena “ina yake” usankhe kamawuko. Ulendo wachitatu ndi wa ziganizo zomwe zikutchula ndalama, tsiku kapena malo, chifukwa m'menemo ndimo mumakhala *by*, *until*, *for*, *to* ndi *from*. Imelo ya ziganizo zisanu ndi chimodzi imatha mphindi ziwiri kapena zitatu kuiwerenga motere.

Chiganizo chikapitirira kukaikitsa, wolemba achimasulire m'Chichewa monga chalembedwera, osati monga ankaganizira. Ngati *send the balance until Friday* wabwerera ngati “muzitumiza yotsala mpaka Lachisanu,” cholakwikacho chaonekera. Pa nkhani ya masiku, kulemba dzina la tsiku pamodzi ndi deti ndi dzina la mwezi, monga *Friday 16 May*, kumateteza uthenga ngakhale mperekezi ataphonyeka, ndipo kumachotsa chikaiko chomwe manambala okha monga 05/06 amabweretsa kwa anthu omwe amayamba ndi mwezi polemba deti. Pa nkhani ya ndalama, wolemba atchule wolandira, kuchuluka kwake ndi mtundu wa ndalamayo, poti maiko onse awiriwa ndalama yawo ndi kwacha. Zilembo za *MWK* ndi *ZMW* ndizo zimasiyanitsa ya Malawi ndi ya Zambia.